Kulemera kwa waya nakonso kumautalikitsa

Inu amene mumatsitsa pampu m'zitsime zakuya kapena kulendewetsa katundu pa ndodo yachitsulo, musamangowerengera katundu wa kunsonga yekha. Pamwamba pomwe mwamangirira, chitsulo chimasenza katundu pamodzi ndi kulemera kwake konse, pomwe kunsi chimangosenza katundu basi. Ndiye chifukwa chake pa kutalikako timatenga theka lokha la kulemera kwa ndodo:

`δ = PL/(AE) + WL/(2AE)`

`δ` ndi kutalika komwe kwawonjezereka, `P` ndi katundu, `W` kulemera kwa ndodo, `L` utali, `A` kukula kwa nkhope yake mukaidula pakati, ndipo `E` ndi muyeso wa momwe chinthu chimakanira kutamuka; ya chitsulo ndi pafupifupi 200 GPa.

Tiyeni titenge ndodo yotalika mamita 100, `A` yake 100 mm², yosenza 2,000 N. Katunduyo amaitalikitsa ndi mamilimita 10. Ndodoyo payokha imalemera makilogalamu 78.5, ndiye kuti 770 N, ndipo theka lake limawonjezera mamilimita 1.9. Zonse pamodzi, pafupifupi 12.

Chomwe ndimafunitsitsa mugwire ndi ichi: mukachulukitsa utali kawiri, gawo la katundu limangokula kawiri, koma la kulemera limakula kanayi. Ndipo kunenepetsa ndodo sikuchepetsa gawo limeneli, pakuti ikanenepa imalemeranso.

Waya wopota, wa timawaya tambirimbiri, umatalika kuposa apa, poti timawayato timayamba tathinana kaye ukangosenza koyamba. Gwiritsani ntchito `E` yochokera kwa opanga. Mukachotsa katundu koma chizindikiro chomwe munalemba pa ndodo osabwerera pomwe chinali, dziwani kuti mwapitiriza muyeso, ndipo kayang'aneni kumtunda, pafupi ndi pomangirira.