Matesiti anu onse ndi obiriwira, koma akugwiradi zolakwika? Ayeseni ndi myuteshoni

Anzanga olemba khodi, pali chinthu chimodzi chomwe chimatipusitsa kwambiri, ndi kavareji. Munthu ukaona lipoti likuti 100% mtima umakhala m'malo, basi kukagona. Koma kavareji imangokuuzani kuti mzere wakutiwakuti unathamangitsidwa pomwe matesiti amayenda, siikuuzani ngati pali tesiti yomwe ingakuwe mzerewo utakhala kuti walakwika. Ndiye njira yodziwira zoona ndi yophwekatu: muononge khodi yanu dala, pang'ono chabe, kenako muyendetse matesiti muone ngati ena afeila. Zili ngati kutuma mnzako kuti akalumphe mpanda usiku kuti uone ngati mlonda ali maso kapena ali m'tulo. Njirayi ndi yomwe imatchedwa myuteshoni tesiting'i, ndipo siyatsopano ayi, ganizoli linachokera kwa Richard Lipton mu 1971 akadali pasukulu, kenako mu 1978 iye pamodzi ndi DeMillo ndi Sayward anailemba bwinobwino. Chomwe chinkavuta nthawi imeneyo ndi mphamvu ya makompyuta, pano vuto limenelo linachepa.

Khodi yomwe mwaiononga dala ija timaitcha myutanti. Myutanti aliyense amakhala ndi kusintha kumodzi kokha basi, osati kuwiri, kuti zikavuta mudziwe chomwe chachititsa. Tesiti ina ikafeila ndiye kuti myutantiyo waphedwa, zomwe ndi zabwino. Matesiti onse akadutsa osaona kanthu ndiye kuti wapulumuka, ndipo apo ndi pomwe pali ntchito.

Tiyeni tione ndi maso. Nayi fankishoni yowerengera mtengo, lamulo lake ndi loti wogula zinthu 10 kapena kuposera apo timamuchotsera 10 peresenti, ndipo zotsalira za pambuyo pa kadontho timazitaya.

```python
def mtengo(nambala, umodzi):
    zonse = nambala * umodzi
    if nambala >= 10:
        zonse = zonse * 90 // 100
    return zonse
```

Matesiti ake ndi awa, ndipo ndikhulupirira ambiri mwaonapo otere:

```python
def test_zochepa():
    assert mtengo(2, 100) == 200

def test_zambiri():
    assert mtengo(20, 100) > 0
```

Mzere uliwonse ukuthamangitsidwa, mbali zonse ziwiri za `if` zikufikiridwa, kavareji 100% yeniyeni yosanamizira. Tsopano tiyambe kuononga. Pa mzere woyamba wa m'kati mwa fankishoni tisinthe `*` akhale `/`. Tesiti yoyamba ipeza 0.02 m'malo mwa 200, yafeila, myutanti wafa. Bwezerani, kenako sinthani `>=` akhale `>`. Matesiti onse awiri adutsa bwinobwino, chifukwa 2 ali kutali kumunsi ndipo 20 ali kutali kumtunda, palibe amene wayandikira pa 10 pomwe pali malire. Sinthani 10 akhale 11, chimodzimodzi. Sinthani 90 akhale 91, fankishoni ibweza 1820 m'malo mwa 1800 koma tesiti yathu ija imangofunsa ngati yankho laposa ziro, ndiye 1820 wadutsa ali phee. Womaliza, `//` akhale `/`, nayenso wapulumuka.

Pa amyutanti 5 taphapo m'modzi yekha. Malikisi a myuteshoni amawerengedwa pogawa ophedwa ndi onse, ndiye apa tapeza 20 peresenti, pa khodi yomweyomweyo yomwe kavareji imatiuza kuti zonse zili bho.

Chofunika kwambiri si nambalayo koma kuwerenga wopulumuka aliyense payekha ndikufunsa kuti akundiuza chani. Wa 91 uja akunena kuti `assert` yathu ndi yofooka, mankhwala ake ndi kulemba yankho lenileni, 1800. Wa `>` ndi wa 11 onse akuloza malo amodzi, palibe tesiti ya pa malire, ndiye tesiti imodzi ya zinthu 10 ndendende iwapha onse awiri chifukwa iwo abweza 1000 pomwe ife tikuyembekezera 900. Muonjezerenso ya zinthu 9, kuti wina akadzatsitsa malire kufika pa 9 agwidwe, pakuti iyeyo angabweze 810.

Koma wa `//` kukhala `/` uja ndi wochenjera, muonetsetse apa. Ngakhale mutalemba `== 1800` apulumukabe, chifukwa 2000 kuchulukitsa ndi 90 kugawa ndi 100 zimatha ndendende popanda chotsala, ndipo mu Python `1800.0 == 1800` ndi `True`. Manambala okongola othera ndi maziro omwe timakonda kuika m'matesiti ndi omwe akumubisa. Kuti afe pakufunika manambala osagawika bwino, monga zinthu 11 pa mtengo wa 7. Zonse ndi 77, kuchulukitsa ndi 90 ndi 6930, khodi yolondola ibweza 69 pomwe myutanti abweza 69.3.

```python
assert mtengo(20, 100) == 1800
assert mtengo(10, 100) == 900
assert mtengo(9, 100) == 900
assert mtengo(11, 7) == 69
```

Ineyo ndimaona kuti myutanti ngati ameneyu ndi amene amapangitsa kuti ntchito yonseyi ikhale yaphindu, chifukwa lamulo lotaya zotsalira linali m'khodi koma panalibe tesiti yoliteteza ndipo ndi maso okha sizinali zapafupi kuzindikira. Nthawi zina mukafika apa mumapezanso kuti simukudziwa yankho loyenera, kodi 69.3 izikhala 69 kapena tisunge zotsalirazo? Musangokopera chomwe khodi ikubweza ndikuchimata mu tesiti kuti myutanti afe, pitani mukafunse amene anapempha pulogalamuyo, chifukwa mwina khodi yoyambayo ndi yomwe ili ndi bagi.

Ndikulangizani kuti ulendo woyamba muchite pamanja ngati momwe tachitiramu, fankishoni imodzi, zosintha zochepa. Kungoti yambani mwapanga `git commit` kuti mukamaliza muthe kubwezera ndi `git restore`, kuopa kuti myutanti wina angatsalire m'khodi n'kupita kwa ogwiritsa ntchito. Mukaizolowera nzeru yake ndiye mutenge chida chomwe chimapanga zonsezi chokha. A Java ali ndi PIT, a JavaScript, TypeScript ndi C# ali ndi Stryker, ku PHP kuli Infection, ku Rust kuli cargo-mutants, ndipo ku Python ambiri amagwiritsa mutmut:

```
pip install mutmut
mutmut run
mutmut results
```

Lamulo lomalizalo limakuonetsani m'ndandanda wa omwe sanaphedwe, ndipo `mutmut show` mukaipatsa dzina la myutanti imakuonetsani mzere womwe unasinthidwa.

Musanayendetse chida chilichonse matesiti anu onse akhale akudutsa pa khodi yosasinthidwa, apo ayi zotsatira zake zilibe tanthauzo, zida zambiri zimangokana n'kuyamba komwe. Choopsa kwambiri ndi matesiti aja osadalirika, lero adutsa mawa afeila popanda wasintha kanthu, mwina chifukwa amadalira wotchi kapena netiweki. Tesiti yotere ikafeila mwangozi chida chimalemba kuti myutanti waphedwa pomwe sinamuone n'komwe, malikisi n'kukwera mwabodza. Mungazindikire vutoli mukayendetsa kawiri pa khodi imodzimodzi n'kupeza opulumuka osiyana.

Pa lipoti muonanso ena olembedwa `timeout`. Izi zimachitika mwachitsanzo `i += 1` m'kati mwa `while` akasinthidwa kukhala `i -= 1`, lupu imangozungulira osatha mpaka chida chimaidula. Amenewa amawerengedwa ngati ogwidwa, musataye nawo nthawi. Koma akachuluka modabwitsa onani ngati si kompyuta yomwe yalemedwa, chifukwa tesiti yongochedwa nayo itha kudulidwa.

Ndiye pali gulu lina lomwe limazunguza mutu anthu ongoyamba kumene, amyutanti omwe sangafe zivute zitani chifukwa khodi yasintha maonekedwe koma ikuchita zomwezomwezo. Taonani iyi:

```python
def wamkulu(a, b):
    if a > b:
        return a
    return b
```

Mukasintha `>` kukhala `>=` kusiyana kungabwere pokhapokha `a` ndi `b` akafanana, koma akakhala manambala athunthu ofanana kaya mubweze uyu kaya uyo yankho ndi limodzi. Palibe tesiti yomwe ingamuphe, ndipo palibe chida chomwe chingawazindikire onse otere pachokha, pamafunika munthu akhale pansi aganize. Mukatsimikiza kuti myutanti ndi wofanana ndi khodi yoyamba, muikeni chizindikiro kuti chida chizimudumpha, ku mutmut mumalemba `# pragma: no mutate` kumapeto kwa mzerewo. Koma dziwani kuti chizindikirochi chimatseka mzere wonse, ndiye amyutanti ena abwino a pamzere umenewo nawonso sapangidwanso. Ndi chifukwa cha amyutanti osafa aja ine sindigwirizana ndi zoika lamulo loti malikisi afike 100%, anthu amayamba kulemba matesiti achabechabe ongomata pa momwe khodi inalembedwera, mawa mukafuna kuikonza pang'ono matesiti khumi n'kufeila popanda cholakwika chenicheni. Wopulumuka pa mzere wongolemba uthenga mu logi mutha kumusiya. Wopulumuka pa kuwerengera ndalama, pa masiku, kapena pa zoona ngati munthu ali ndi chilolezo cholowa, ameneyo osamusiya.

Za nthawi nazo muziwerengeretu. Ngati matesiti anu onse amatenga mphindi 2 ndipo chida chapanga amyutanti 500, kuyendetsa zonse pa aliyense ndi mphindi 1000, maola opitirira 16. Zida ngati PIT ndi Stryker zimachepetsa izi poyendetsa matesiti okhawo omwe amafika pa mzere wosinthidwawo n'kuima tesiti yoyamba ikangofeila, komabe pa pulojekiti yaikulu musayambe ndi khodi yonse, mudzangolandira opulumuka mazanamazana n'kugwa ulesi. Sankhani fayilo imodzi yomwe ikalakwika anthu angalire, muyeretse imeneyo, kenako muziyendetsa pa mafayilo okhawo omwe asinthidwa pa ntchito yomwe muli nayo, zonse pamodzi muzizisiyira usiku kapena kumapeto kwa sabata.

Malire ake enanso ndi awa: myuteshoni imangosintha khodi yomwe ilipo. Mu `mtengo` muja palibe mzere woletsa nambala ya negativu, ndiye `mtengo(-3, 100)` ibweza -300 mwakachetechete, ndipo ngakhale mutapha amyutanti onse palibe ndi m'modzi yemwe amene angakuuzeni zimenezo, chifukwa mzere womwe sunalembedwe chida sichingauononge. Zoterezo muzipeza pobwerera ku zomwe pulogalamuyo inapemphedwa kuchita n'kumafunsa kuti nanga wina akalowetsa ziro, negativu kapena akasiya osalemba kanthu zikhala bwanji, mukaonjezera mizere yotetezayo ndi matesiti ake ndiye muyendetsenso `mutmut run` kuti nayonso iyesedwe.