Momwe mungayesere mawu ndi zithunzi webina ya pa Zoom isanayambe

Ofesi yathu ya ku Katoto ndi yofolera malata ndipo ilibe siling'i. Tsiku lina m'mwezi wa Epulo tinakonza webina, msonkhano wa pa intaneti womwe ochepa amalankhula ambiri akumvera, ya alangizi a zaulimi, ine ndili wotsogolera. Dzulo lake ndinali nditayesa laputopu yanga ndekha, zonse zili bwino. Nthawi itakwana mvula inayamba kugwa, mawu anga n'kumira m'phokoso la denga, ndipo mayi amene amayenera kulankhula koyamba anangokhala panja mphindi khumi, sikirini yawo ikuwauza kuti adikire. Kuyambira pamenepo ndimayesa kawiri, ndekha kaye, kenako ndi onse olankhula.

Kuyesa nokha n'kwachidule. Lumikizani mahedifoni musanatsegule Zoom, kenako pitani ku Settings, musankhe Audio. Mukadina Test Speaker mumva kanyimbo, ndipo muone ngati kakutulukira m'makutu kapena pa sipika ya laputopu. Mukadina Test Mic, lankhulani pang'ono, Zoom ikubwezerani mawu anuwo. Koma apa pali msampha. Mawu akhoza kumveka ndithu pamene maikolofoni imene ikugwira ndi ya laputopu, osati ya mahedifoni mwavalawo. Kuti mudziwe, kandani ndi chikhadabo kamaikolofoni ka pa chingwe, uku mukuyang'ana kamzere kosonyeza kukwera kwa mawu. Kakapanda kudumpha, koma n'kudumpha mukagogoda pafupi ndi kiyibodi, ndiye kuti mwasankha yolakwika, sinthani pamndandanda wa Microphone. Ndi zimene zinandichitikira tsiku la mvula lija. Maikolofoni ya laputopu imatola chilichonse m'chipinda, pamene ya pafupi ndi pakamwa imamva inu kwambiri kuposa denga. Pa tsamba lomwelo pali poletsa phokoso lakumbuyo, ndipo nyengo ya mvula ndimaika pa High.

Za kamera sizichuluka. Pa Video muone nkhope yanu, ndipo zenera likhale kutsogolo kwanu, chifukwa likakhala kumbuyo mumangooneka chithunzithunzi chakuda. Ikani mabuku pansi pa laputopu kuti kamera ifike m'maso. Mukafuna kuyesa zonse pamodzi muli pa intaneti, tsegulani zoom.us/test.

Tsopano nkhani yaikulu, ya maudindo. Webina si ngati msonkhano wamba wa pa Zoom womwe aliyense amatha kutsegula maikolofoni. Inu ndinu Host, ndipo amakhala mmodzi yekha. Amene akudzalankhula ndi Panelist, ndipo amatha kuyatsa kamera, kulankhula ndi kuonetsa masilaidi mukawalola. Omvera ndi Attendee, iwo amangoonera ndi kulemba mafunso pa Q&A, pokhapokha mutadina Allow to Talk pa dzina la wina. Pali udindo winanso wa Co-host, womwe mumaupereka kwa mmodzi wa olankhula mutalowa kale. Ameneyu amatha kutseka maikolofoni ya wina ndi kuyang'anira anthu, koma sangatsegule webina inu musanafike. Ngati mukuopa kuti magetsi angakuthawireni nthawi isanakwane, lembani mnzanu pa Alternative Hosts pokonza webinayo. Dziwani kuti ayenera kukhala ndi laisensi pa akaunti imodzi ndi yanu.

Pokonza webina, chongani Enable Practice Session. Chongani musanaitsegule, chifukwa mukalowa kale simungathenso kuibwezera kumeneko. Mukatero, webina ikatseguka mumapezeka m'chipinda chokonzekera, pamwamba pali chikwangwani chokhala ndi batani la Start Webinar. Mmenemo mumalowa inu ndi olankhula okha, omvera amadikira panja osamva kanthu mpaka batanilo litadinidwa. Mukhoza kulowa tsiku lililonse tsiku lenileni lisanafike, n'kutuluka ndi End osakhudza batanilo.

Mayi aja anatsekeredwa panja chifukwa cha linki. Aliyense amene mwamulemba pa Panelists amalandira linki yakeyake pa imelo. Koma kuno zonse timayendetsa pa WhatsApp, ndiye iwo anangodina linki ya anthu onse imene inaponyedwa pagulu, Zoom n'kuwatenga ngati womvera. Webina ikayamba mukhoza kumupeza munthu wotere pamndandanda wa Attendees n'kudina Promote to Panelist, koma muli m'chipinda chokonzekera simumuona n'komwe. Choncho kopani linki ya aliyense mumutumizire payekha, ndipo muwauze kuti asapatse wina, chifukwa amene wadina linkiyo amalowa ngati wolankhula, pa dzina lawo.

Webina yathu yotsatira tinaiyesa motere. Inali ya Lachinayi 2 koloko masana, ndiye tinakumana Lachiwiri 2 koloko yomweyo, kwa mphindi 30. Ola lomwelo n'lofunika chifukwa netiweki ya m'mawa si ya masana, ndipo dzuwa limakhala litasuntha pazenera. Ndinawapempha onse kuti akhale pamalo amene adzakhale tsikulo, ndi chipangizo chomwecho. Olankhula anali atatu, bambo wina ku Luwinga, mayi aja ku Karonga, ndi mnzanga wa mu ofesi momwemo.

Aliyense ndinamupatsa mphindi ziwiri kuti alankhule mawu enieni a nkhani yake, chifukwa "mukundimva?" aliyense amamunena mokweza, kenako n'kutsitsa mawu akayamba kuwerenga. Mnzanga atangotsegula maikolofoni, mawu anayamba kubwerezabwereza mpaka kulira kwa mluzu. Malaputopu awiri anali m'chipinda chimodzi, sipika ya wina ikulowetsa mawu mu maikolofoni ya mnzake. Kudina Mute pa laputopu imodzi sikuthetsa vutoli, poti sipika yake imalirabe. Mmodzi adine kamuvi ka pambali pa chizindikiro cha maikolofoni, asankhe Leave Computer Audio, apo ayi asamukire chipinda china. Mnzangayo anasamuka.

Bambo a ku Luwinga anali ndi kavidiyo m'masilaidi awo. Kanayenda bwinobwino, iwo akugwedeza mutu, ife osamva kanthu. Podina Share Screen pamafunika kuchonga Share sound, ndipo mwini wake sangazindikire yekha chifukwa kwa iye mawu amamveka.

Mawu a mayi a ku Karonga ankaduladula. Ndinati, "Amayi, tatsegulani Settings, mupite pa Statistics, mundiwerengere nambala za pa Audio." Zoom imalangiza kuti Latency, kuchedwa kwa mawu panjira, isapitirire mamilisekondi 150, Jitter, kusinthasintha kwa kuchedwako, isapitirire mamilisekondi 40, ndipo Packet Loss, zidutswa za mawu zotayika panjira, isapose 2%. Yawo inali pamwamba pa malire amenewa. Anazimitsa HD pa kamera, osasintha kwenikweni. Atazimitsa kamera yonse mawu anayera. Tinagwirizana kuti adzaonetse nkhope popereka moni pokha, masilaidi awo ndidzaonetse ine kuchokera kuno, iwo azingoti "pitirizani". Aliyense anayesanso kuchoka pa rauta kupita pa bandulo ya foni, poti magetsi akazima rauta imazima nayo pamene laputopu ikadali ndi batire.

Lachinayi ndinatsegula chipinda chokonzekera mphindi 30 nthawi isanakwane, ndinapereka udindo wa Co-host kwa mnzanga, aliyense n'kulankhulanso pang'ono. Kutatsala mphindi ziwiri ndinaika silaidi yoyamba pa sikirini, ndinawauza onse atseke maikolofoni, ndi kuwachenjeza kuti ndikadina batani palibenso kubwerera, nthabwala iliyonse ifika kwa omvera. Foni yanga inali patebulo, italowa pa linki ya omvera, mawu ake nditatsekeratu. Nditadina Start Webinar ndinadikira mpaka silaidi ija itaonekera pa foniyo, kenako ndinapereka moni.