Momwe mungazindikirire nyimbo ya masewera owombana m'manja mawu ake akamasiyana dera ndi dera

Manja saiwala msanga ngati pakamwa. Munthu wamkulu amatha kuwomba bwinobwino kawombedwe kamene ankasewera ali Sitandade 2, koma mawu atatsala awiri kapena atatu okha, ndipo akafunsa mnzake wokulira boma lina amamuimbira zosiyana. Apa anthu amayamba kutsutsana kuti mawu enieni ndi ati, chonsecho funso loyamba n'lakuti kodi nyimboyo ndi imodzi. Kuti mudziwe, mawu muwasiye kaye. Pa zonse zimene zili m'masewerawa, mawu ndiwo amasintha mofulumira.

Yambani ndi kulemba zimene manja akuchita. Pezani munthu woti muyang'anizane naye, chifukwa mukawomba nokha mumlengalenga mumadumpha magawo osadziwa. Kuwomba kulikonse mukupatse chilembo: M mukawomba m'manja mwanu, K mukawombana dzanja lamanja ndi lamanja, Z lamanzere ndi lamanzere, A mukawombana manja onse awiri, ndipo P pamene dzanja lina layang'ana pansi lina m'mwamba. Ngati pali kumenya pantchafu kapena pachifuwa, kugwira m'chiuno kapena kunjuta, onjezani zilembo zina. Sewerani katatu, kenako lembani mzere umodzi mpaka pamene kawombedwe kayambiranso, mwachitsanzo M K M Z M A. Kuwomba kasanu ndi kamodzi kumeneku ndiye mkombero umodzi.

Musathamangire kunena kuti mwaipeza chifukwa chakuti mkombero wafanana. Kawombedwe kopingasa, kumanja kenako kumanzere, kali m'nyimbo zambirimbiri. Chimene chimasiyanitsa nyimbo ndi malo amene mkomberowo umaduka: pamene onse amaima, pamene amawomba katatu motsatizana, kapena pamene amayamba kuthamanga. Malo amenewo alembeni mosamala, ndipo muwerenge mikombero imene imadutsa musanafikepo.

Kenako ng'ung'udzani nyimboyo mukuwomba, ndipo pamene mwaiwala mawu ikanipo "la la la". Werengani kuti pa kuwomba kulikonse pakugwa maphatikizo angati. Apa m'pamene pagona nkhani. Ana amasintha mawu momasuka, koma mawu atsopanowo amayenera kukwana pamalo pomwe panali akale, apo ayi manja aphonyana ndipo masewera asokonekera. N'chifukwa chake mawu olowa m'malo nthawi zambiri amakhala ndi maphatikizo ofanana kuchuluka, ndipo kawirikawiri amasunga phatikizo loyamba kapena lembo la liwu lomaliza.

Tione chitsanzo. Masewera owombana m'manja oyamba ndi dzina lakuti Amina amadziwika ku Zambia ndi ku Zimbabwe komwe. Tiyerekeze kuti wina anakulira ku Chipata ndipo akukumbuka "Amina kadala", pamene mnzake wokulira ku Harare akuumirira kuti ndi "Amina kadeya". Dulani mawuwo: ka-da-la, ka-de-ya. Onse ali ndi maphatikizo atatu, onse ayamba ndi "ka" n'kuthera pa "a", ndipo onse abwera dzina lija litangotchulidwa. Umenewu ndi umboni wamphamvu, koma sunakwane. Awiriwo ayang'anizane, aliyense aimbe mawu akwawo nthawi imodzi uku akuwombana. Ngati "kadala" ndi "kadeya" agwera pa kuwomba kumodzi, ndipo mzere woyamba wathera pamodzi popanda wina kudikira mnzake, chiyambi cha nyimboyo n'chimodzi. Apitirize mpaka pamene manja ayambe kuphonyana, ndipo alembe kuti ndi pa mzere wachingati. Pamenepo m'pamene nthambi ziwirizi zinasiyanirana.

Kusiyana kwa kumapeto kusakukhumudwitseni. Ana amakonda kulumikiza nyimbo: ina ikatha iwo akadali ndi mphamvu, amaphatikizapo chidutswa cha nyimbo ina, kuwerenga manambala kapena kutchula mayina a anzawo. Pakapita zaka, pasukulu imeneyo chidutswacho chimasanduka mbali ya nyimbo. Chizindikiro chake n'chakuti pamalo olumikizirapo kawombedwe kamasintha mwadzidzidzi, kapenanso chilankhulo chimasintha. Mukaona choncho, dulani nyimboyo pawiri ndipo chigawo chilichonse muchifufuze pachokha.

Mawu opanda tanthauzo musawataye, ndipo musawakonze. Anthu ambiri amalakwitsa apa: akamva liwu losamveka amalisintha kuti likhale Chichewa chabwino, n'kufafaniza chizindikiro chimene chikanawathandiza. Mawu omveka ndi amene ana amasintha mosavuta, monga kuika dzina la msika wakwawo kapena la chakudya chimene amadya. Osamveka aja amangowatengera momwe anawamvera, ngakhale amapindika pang'ono malinga ndi lilime la dera. Liwu lachingerezi limene ana analimva kusukulu limatuluka mosiyana pakamwa pa mwana wolankhula Chiyao ku Mangochi ndi pa wolankhula Chitumbuka ku Rumphi. Lembani liwulo momwe likumvekera, ndipo poyerekeza musalabadire kusinthana kwa "l" ndi "r", kapena kwa "e" ndi "i".

Pofunsa anthu, musawaimbire mawu anu poyamba. Mukatero amangovomera, kapena mawu anuwo amalowa m'malo mwa awo. Awombereni mkombero uja uku mukung'ung'udza, iwo ayambe okha kuimba. Funsani anthu osachepera atatu, aliyense payekha, ndipo mulembe kumene anakulira, sukulu inali m'tauni kapena kumudzi, ndi zaka zimene ankasewera. Kumene munthu akukhala lero kulibe ntchito; chofunika ndi kumene anali ali wamng'ono. Atsikana a kupulayimale ndiwo akatswiri a masewerawa, ndipo iwo amaimba pa liwiro lenileni, pamene akuluakulu amachedwetsa n'kuika mpumulo pomwe panalibe. Ngati makolo awo alola, jambulani manja okha pafoni kwa masekondi 30, kuti mukawerenge bwino pambuyo pake.

Pa jingo njira ndi yomweyi, koma muwerenge kumenya pansi kwa chingwe m'malo mwa kuwomba. Yambani mwatsimikiza mtundu wa masewera: kodi chingwe chinkazunguzidwa ndi anthu awiri, kapena chinali chokoleka m'miyendo n'kumakwezedwa kuchokera mu akakolo, m'mawondo mpaka m'chiuno, monga waida wa ku Zambia? Anthu amasokoneza ziwirizi pokumbukira, ndipo amatha kusamutsa nyimbo ya masewera ena n'kuiika pa ena. Kenako funsani liwu limene wodumpha ankalowera, limene ankatulukira, ndi zimene ankachita pakati, monga kutembenuka kapena kugwira pansi.

Pomaliza yerekezani mathero a masewera. Kodi amathera pa kuima chilili osagwedezeka mpaka wina aseke, pa kuthamanga mpaka wina aphonye, kapena pa kuloza munthu woti atuluke? Ngati mkombero, malo odukira ndi kagwedwe ka maphatikizo zafanana, nyimboyo ndi imodzi ngakhale mawu atasiyana theka lonse, ndipo mathero ofanana amangotsimikizira. Ngati chafanana ndi mkombero wokha, muli ndi nyimbo ziwiri zobwerekana kawombedwe. Polemba zimene mwapeza, ikani mitundu yonse ya mawu mzere pansi pa mzere, uliwonse ndi dera lake ndi zaka zake, ndipo pamwamba pa phatikizo lililonse logwera pa kuwomba muikepo chilembo chake.