Mwalowa pa gulupu ya WhatsApp nkhani ili mkati? Moni wake ndi uwu

Tiyerekeze kuti akulowetsani pa gulupu yosonkha ndalama za maliro. Mauthenga akungogwa: wina akufunsa za galimoto yonyamula thupi, wina akutumiza mndandanda wa omwe apereka. Munthu akafika pasiwa amayamba wakhala pansi n'kumva pomwe nkhani yafika. Apanso chitani chimodzimodzi.

Choyamba, musalembe kanthu. Kawirikawiri WhatsApp sikuonetsani zomwe zinalembedwa musanalowe, ndiye nkhani mwaipezera pakati. Dinani dzina la gulupu pamwambapo kuti muwerenge malongosoledwe ake ndi kuona omwe ali ndi chizindikiro cha "Group admin". Kenako onani ngati pali uthenga womwe aukhoma pamwamba pa zokambirana, ngakhale kuti womwe unalembedwa musanalowe mwina simuuona. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yotumizirako chipepeso imakonda kukhala pamenepo, ndipo kuifunsanso kumatopetsa msungichuma yemwe wayankha kale funso lomwelo kambirimbiri.

Chachiwiri, dikirani mpata. Ngati wina wangofunsa kuti thupi linyamuka nthawi yanji, musiyeni ayankhidwe kaye. Mukaponyapo "Muli bwanji nonse?" anthu khumi ayankha kuti ali bwino kaya inu, funso lija likwera m'mwamba, mwini wake n'kutsala kukamwa yasa.

Mpata ukapezeka, lembani uthenga umodzi wokha wosafuna yankho. Mudzitchule, chifukwa amene sanasunge nambala yanu amangoona manambala ndi kadzina komwe munalemba pa WhatsApp, mwina "Mwana wa Mfumu". Mwachitsanzo: "Zikomo akuluakulu pondilandira. Ndine mlamu wa malemu, ndili ku Joni. Pepani nonse ndi zovutazi. Pitirizani, ndikutsatira." Liwu lakuti "pitirizani" ndi lomwe limamasula anthu kuti asaime n'kuyamba kukulonjerani. Mawu ojambula ndi zithunzi za maluwa zisiyeni. Ena bandulo yawo ndi yoperewera, ena ali pamaliro pomwepo sangathe kumvetsera.

Akakulandirani, musathokoze aliyense ndi uthenga wakewake. Dinikizani chala pa uthenga wawo n'kusankha kachizindikiro ka manja opemphera, basi. Mukafuna kuyankha nkhani inayake, kokerani uthengawo kumanja kuti yankho lanu limamatire pomwepo. Funso lokhudza inu nokha, monga ngati K10,000 yanu yafika, lipite kwa msungichuma kudzera pa "Reply privately".

Pomwe obwera kumene amalakwitsa kwambiri ndi pa mndandanda. Amakopa woyamba kuuona n'kuwonjezerapo dzina lawo, osadziwa kuti pansi pali wina watsopano. Zikatero maina a omwe apereka posachedwa amasowa, ndipo mudzazindikira poona wina akudandaula kuti dzina lake lachotsedwa. Tsikani mpaka pa uthenga womaliza musanakope, kapena ingotumizani umboni wa ndalamayo kwa msungichuma kuti akulembeni yekha.