Momwe mungapezere mphambano zonse pa mapu a mizere yambirimbiri

Tinene kuti mwapatsidwa mapu a mapaipi a madzi ochokera ku damu la Mpira ku Ntcheu, pamodzi ndi misewu ndi tinjira ta m'midzi, ndipo akufuna kudziwa paliponse pamene paipi yadutsana ndi msewu. Mu kompyuta, paipi kapena msewu wokhota umasungidwa ngati timizere toongoka tolumikizana, kalikonse kokhala ndi nsonga ziwiri. Mutha kuyerekeza kamzere kalikonse ndi tinzake tonse, ndipo pa timizere 1,000 ndiye kuti mwayesa ka 499,500, zomwe sizivuta. Koma tikafika 100,000, mayesowo amayandikira 5 biliyoni, ambiri mwa iwo ongotaya nthawi, monga kufunsa ngati paipi ya ku Nsipe yadutsana ndi kanjira ka ku Lizulu.

Njira ya mzere wosesa, imene Jon Bentley ndi Thomas Ottmann anafalitsa mu 1979, imapewa zimenezi. Ganizirani rula yoimika chilili imene mukuikankha pa mapu kuchokera kumanzere kupita kumanja. Timizere tiwiri sitingadutsane tisanakhale toyandikana pa rulayo, kena pamwamba kena pansi, popanda china pakati. Choncho timangoyesa oyandikana okha, ndiponso pa nthawi yokhayo imene ayamba kuyandikana.

Konzani mindandanda iwiri

Woyamba ndi wa poimira. Mzere wosesawo suyenda pang'onopang'ono ayi, umalumpha n'kukaima pamene kamzere kakuyamba, pamene kakutha, ndi pa mphambano imene yadziwika kale. Ikanimo nsonga zonse, zosanjidwa potsata `x`, ndipo ziwiri zikafanana `x` muyambe ndi ya `y` wochepa. Mu Python, `heapq` imakwanira.

Wachiwiri ndi wa timizere timene mzere wosesa ukukhudza panopa, tosanjidwa kuchokera pansi kupita pamwamba. Uwu ndiye wovuta, chifukwa msinkhu wa kamzere umasintha `x` akamasintha. Mu C++ ambiri amagwiritsa ntchito `std::set` yoyerekeza misinkhu pa `x` wa nthawi imeneyo.

Zochita pa poimira paliponse

Kamzere kakayamba, kaikeni pa malo ake ndipo mukayese ndi ka pamwamba pake ndi ka pansi pake. Kakatha, kachotseni, kenaka yesani tiwiri timene tinali mbali zake, popeza tsopano tayandikana. Pa mphambano, lembani malowo, sinthanitsani tiwirito, ndipo kalikonse mukayese ndi mnansi wake watsopano. Mphambano imene mwaipeza muiike mu mndandanda wa poimira pokhapokha ngati ili kutsogolo kwa mzere wosesa komanso simunaiikemo kale.

Poyesa ngati tiwiri tadutsana, musathamangire kugawa manambala. Gwiritsani ntchito ichi:

```python
def mbali(p, q, r):
    return (q[0]-p[0])*(r[1]-p[1]) - (q[1]-p[1])*(r[0]-p[0])
```

Yankho likaposa 0, nsonga `r` ili kumanzere kwa munthu wochoka pa `p` kulowera ku `q`. Likachepera 0 ili kumanja. Likakhala 0 ili pa mzere womwewo. Timizere tadutsana ngati nsonga ziwiri za koyamba zili mbali zosiyana za kachiwiri, nazonso za kachiwiri zili mbali zosiyana za koyamba.

Tiyese ndi timizere tinayi

```
A: (0,0) - (10,10)
B: (1,5) - (3,5)
C: (2,8) - (9,1)
D: (4,2) - (11,2)
```

Pa `x=0` akulowa A yekha. Pa `x=1` B akulowa pamwamba pa A. Tikawayesa sakumana, chifukwa A amafika msinkhu wa 5 pa `x=5`, B atatha kale. Pa `x=2` C akulowa pamwamba pa onse. Mnansi wake ndi B yekha, ndipo sadutsana. Diso likuona kale kuti A ndi C akumana kutsogoloku, koma sitiwayesa, B ali pakati pawo.

Pa `x=3` B akutha, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amangochotsa B n'kupitirira, osayesa A ndi C amene ayandikana kumene. Tikawayesa tipeza kuti akumana pa (5,5), ndiye tiika malowa mu mndandanda wa poimira. Mukaiwala sitepe imeneyi simutaya mphambano imodzi yokha: A ndi C sasinthana malo, dongosolo lonse limasokonekera, ndipo ya kutsogolo nayo imasowa.

Pa `x=4` D akulowa pansi pa A, ndipo sadutsana. Kuchokera pansi tili ndi D, A, C. Pa `x=5` tilemba mphambano yoyamba n'kusinthanitsa, kukhala D, C, A. Tsopano C wayandikana ndi D, ndipo tikawayesa tipeza (8,2). Pa `x=8` tilemba yachiwiri, dongosolo likhala C, D, A, tiyesanso D ndi A, palibe kanthu. Zotsalazo ndi kungochotsa C, A ndi D.

Mukawerenga, tayesa ka 6, chimodzimodzi ndi kuyesa onse awiriawiri. Pa timizere tochepa chonchi palibe phindu. Phindu limaoneka tikachuluka, chifukwa ntchito imakula ngati `(n + k) log n`, pamene `n` ndi timizere ndipo `k` ndi mphambano. Mapu a mapaipi ndi misewu ali ndi mphambano zochepa poyerekeza ndi timizere take, ndiye amayenerana nayo. Koma ngati pafupifupi kalikonse kadutsana ndi tinzake tonse, njira yoyesa awiriawiri ija imathamanga kuposa iyi.

Zimene mapu enieni amabweretsa

Chitsanzo chathu n'chaulemu kwambiri. Pa mapu enieni, kamzere kena kamathera pomwe kanzake kayambira, chifukwa ndi paipi imodzi yokhota. Ganizirani msanga ngati kukhudzana kotere mukuwerenge ngati mphambano. Pa ntchito ya mapaipi ndi misewu, ndi bwino kusunga nambala ya paipi pa kamzere kalikonse n'kusalemba za timizere totsatizana ta paipi imodzi. Pamene njira zitatu kapena kuposa zakumana malo amodzi, kusinthanitsa ziwiri sikukwanira. Tengani timizere tonse todutsa pamenepo, chotsani timene tikutha, tembenuzani dongosolo la totsalato, kenaka yesani ka pamwamba ndi ka pansi ndi anansi awo akunja. Kamzere koima chilili muzikaona ngati kapendekera kumanja pang'ono, nsonga ya pansi ikhale poyambira.

Vuto lalikulu ndi manambala. Mapu a kuno akakhala mu UTM 36S, njira yolembera malo pa mapu mu mamita, `y` wa ku Dedza kapena ku Ntcheu amaposa mamita 8 miliyoni, ndipo `float` imasunga madijiti pafupifupi 16 okha pa nambala iliyonse. Ukachulukitsa manambala otere, zakumapeto zimadulidwa, kotero kompyuta itha kunena kuti A ali pamwamba pa C, pakapita kanthawi n'kunena zosiyana pa malo omwewo. Mudzadziwa kuti zachitika pulogalamu ikafuna kuchotsa kamzere n'kulephera kukapeza, kapena ikalemba mphambano imodzi kawiri. Ine ndimasandutsa nsonga zonse kukhala masentimita athunthu, kuti `mbali` isamatulutse zongoyerekeza, ndipo mphambano ndimazisunga ndi `fractions.Fraction`, popeza malo odutsanirana nthawi zambiri sagwera pa nambala yathunthu. Zimachedwetsa ndithu, koma kuika kampata konga `0.000001` poyerekeza kumangosunthira vutolo pa mapu ena.

Musanaikhulupirire pulogalamu yanu, dulani kachigawo ka mapu ka timizere 300 kapena 500, muyendetse njira zonse ziwiri, ndipo muyerekeze zotuluka. Sankhani kachigawo ka pa boma kapena pa msika, pamene njira zambiri zimakumana malo amodzi. Zikasiyana, chotsani timizere pang'onopang'ono mpaka mutatsala ndi titatu kapena tinayi timene tikusiyanitsabe, ndipo muzitsate pa pepala monga tachitira ndi A, B, C ndi D.