Momwe mungasungire malo pa Google Maps n'kugawana ndi anzanu a pa ulendo wa Harare mpaka Blantyre

Disembala akayandikira, mabanja ambiri a ku Mabvuku, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Highfield muno mu Harare amapangana zopita kumudzi pa galimoto ziwiri kapena zitatu, kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 600, wodutsa m'mayiko atatu, ndipo galimoto sizichedwa kutayana. Wina watsalira pomwetsa mafuta ku Mutoko, wina wachedwa pa boda, ndipo mukangolowa mu Mozambique mafoni ambiri amakhala chete. Chothandiza n'chakuti aliyense anyamuke ali ndi malo okumanirana m'foni mwake, osati m'mutu mwa dalaivala mmodzi. Tiyeni titsate gulu la galimoto zitatu lonyamuka ku Mabvuku, tione momwe lingakonzere zimenezi.

Yambani ndi mndandanda

Ntchitoyi aigwire munthu mmodzi amene anayendapo njirayi, ndipo akhale ndi akaunti ya Google. Tsegulani Google Maps, dinani You m'munsi mwa sikirini. M'mafoni amene sanalandire zatsopano pamalopa palembedwa Saved. Kenako dinani New list. Musagwiritse ntchito mindandanda imene ilipo kale monga Favorites kapena Want to go, chifukwa mmenemo muli malo anuanu amene gulu silikufunika kuwaona.

Dzina la mndandanda linene ulendo ndi mwezi wake, mwachitsanzo "Blantyre Disembala, galimoto 3". Chaka chamawa mudzapanga wina, ndipo mindandanda iwiri ya dzina loti "Ulendo" idzasokoneza anthu.

Malo amene ali kale pa mapu savuta. Lembani dzina lake, mwachitsanzo Roadport, siteshoni ya mabasi ya mu Harare, m'bokosi lofufuzira, dinani malowo, dinani Save, sankhani mndandanda wanu, basi.

Kukhoma pini pamalo enieni

Vuto lili pa malo aakulu ndi malo opanda dzina. Mukasunga "Mbare Musika" monga momwe mapu akuonetsera, mwasunga dera lonse la msika ndi mabasi, ndipo anthu awiri akhoza kukhala "pamalopo" kwa ola lathunthu osaonana. N'chimodzimodzi ndi "Nyamapanda" kapena "Tete": pini ya dzina la tauni imagwera pakati pa tauni, osati pamene galimoto zidzaime.

Choncho khomani pini yanu. Sinthani mapu akhale a Satellite kuti muziona madenga, mitengo ndi mphambano. Kokerani pafupi mpaka galimoto zoimikidwa ziyambe kuoneka. Ikani chala pamalo amene mukufuna, musachichotse mpaka pini yofiira itatuluka, kenako dinani Save. Onetsetsani mbali ya msewu imene pini yagwera, chifukwa pa msewu waukulu kulakwitsa mbali kumachititsa dalaivala kukatembenukira kutali. Ngati malowo ali muno mu Harare, ndi bwino kupita komweko n'kukhoma pini mutaimirira pageti penipeni.

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pini yokhoma nokha ilibe dzina lomveka. Imaoneka ngati Dropped pin, nambala, kapena dzina la msewu wapafupi. Google Maps ili ndi Add label, imene imakulolani kuitcha "Kwa amalume", koma dzina limenelo limaoneka kwa inu nokha. Anzanu akatsegula mndandanda saliona. Chimene amaona ndi noti. Tsegulani mndandandawo, ndipo pansi pa malo alionse dinani pamene palembedwa Note kapena Add a note, mulembe mawu oti munthu wotopa, amene akuwerenga m'galimoto yogwedezeka, amve msanga.

Gulu lathu la ku Mabvuku likhoza kulemba chonchi. Pini yoyamba: "1. Ponyamukira, geti lobiriwira moyang'anana ndi chigayo, 4 koloko m'mawa." Yachiwiri: "2. Mutoko, dzazani thanki, tidikirana mphindi 20." Yachitatu: "3. Nyamapanda, mbali ya Zimbabwe, tisanalowe pa geti." Yachinayi: "4. Cuchamano, mbali ya Mozambique, tikadinditsa mapasipoti, palibe wonyamuka mpaka galimoto zonse zitatuluka." Kenako Changara, pamphambano pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku Chimoio, ndiye Tete, Zobue, Mwanza, ndi nyumba yofikira ku Blantyre. Nambala zoyambirirazo n'zofunika chifukwa foni ya wina ikhoza kusanja malo potengera kuyandikira kwake, osati dongosolo la ulendo.

Pa Tete pamafunika kupangana bwino. Mtsinje wa Zambezi uli ndi milatho iwiri pamenepo: wa Samora Machel umene uli m'tauni, ndi wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014 chakumunsi kwa mtsinje. Mafoni atatu akhoza kusankha njira zosiyana. Gwirizanani mlatho umodzi, muukhomere pini yakeyake, ndipo pini yodikirana ikhale kutsidya mutaoloka.

Muno mu Harare samalaninso ndi mayina a misewu. Anthu akuluakulu amanenabe Fourth Street ndi Second Street, pamene mapu amalemba Simon Muzenda ndi Sam Nujoma. Mu noti lembani onse awiri.

Malo khumi kapena khumi ndi awiri akwanira. Mndandanda wodzaza ndi malo onse odyera a m'njira palibe amene amauwerenga.

Kugawana

Tsegulani mndandanda, dinani Share, ndipo foni idzakupatsani linki yoti muponye pa gulu la WhatsApp. Pali kusiyana pakati pa linki yongoonera ndi yoitana anthu kuti azisintha nawo. Maganizo anga ndi akuti osintha akhale awiri okha, inu ndi dalaivala wina mmodzi. Aliyense wololedwa kusintha akhozanso kufufuta, ndipo chala cha mwana amene wabwereka foni ya agogo ake sichifunsa.

Kungotsegula linki sikokwanira. Aliyense adine batani losungira mndandandawo, limene limalembedwa Save list kapena Follow, kuti mapini aoneke pa mapu ake ndiponso kuti zimene mwasintha zizimufika. Njira yodziwira ngati zatheka ndi yophweka: atseke Google Maps, aitsegulenso, aone pansi pa You ngati dzina la ulendo lilipo.

Ndiye pali nkhani ya mabandulo. Ambiri kuno timagula bandulo ya WhatsApp yokha. Linki imafika bwinobwino, koma ukaidina sitseguka, chifukwa Google Maps imafuna data wamba kapena Wi-Fi. Munthu amangoganiza kuti linki ndi yowonongeka n'kusiya osanena. Konzani tsiku limodzi ulendo usanafike, kaya pambuyo pa mapemphero kapena pamsonkhano wosonkha ndalama za mafuta, mmodzi wokhala ndi data wamba ayatse Hotspot, aliyense atsegule ndi kusunga mndandanda pomwepo.

Kumbukiraninso kuti linki imayenda. Aliyense amene waipeza akhoza kuona zonse, choncho pini ya pakhomo panu yokhala ndi noti yonena tsiku lonyamuka ndi lobwerera ikuuza anthu nthawi imene nyumba idzakhale yopanda munthu. Ikani ponyamukira pamalo a anthu onse, ndipo tsiku lobwerera lisalembedwe mmenemo.

Netiweki ikathawa

Pa Wi-Fi yomweyo, aliyense atsitse mapu. Dinani chithunzi chanu pakona yakumanja, sankhani Offline maps, kenako Select your own map, sunthani bokosi likwane dera limene mukufuna, dinani Download. Bokosi limodzi silingakwane ulendo wonse mosavuta, choncho tsitsani zigawo zingapo zolowerana m'mphepete: Harare mpaka Nyamapanda, Nyamapanda mpaka Tete, Tete mpaka Blantyre. Mukasiya mpata pakati, mapu amangoyera mbee pamalo omwewo. GPS siifuna netiweki, ndiye kadontho kabuluu kamayendabe, ndipo malangizo a woyendetsa galimoto amagwira ntchito. Amene sagwira ndi malangizo a woyenda pansi komanso uthenga wa kuchuluka kwa galimoto pamsewu.

Yesani musananyamuke. Ikani foni pa Airplane mode, tsegulani mndandanda, dinani pini ya Changara, muone ngati noti ikuwerengeka ndiponso ngati Directions ikujambula njira. Foni imene yalephera, mwiniwake ajambule sikirini ya mndandanda wonse.

Kwa amene alibe akaunti ya Google, tumizani manambala a malo ngati uthenga wamba. Mukadina pini yokhoma nokha, manambala awiri amaoneka. Pakati pa Harare ndi pafupifupi apa:

```
-17.83, 31.05
```

Kamzere kali kutsogoloko kasatayike pokopera. Popanda iko, mapu amakutumizani kumpoto kwa Sudan. Ndipo pini yeniyeni imakhala ndi manambala ambiri kuposa awa. Akopereni onse osadula, chifukwa awiri okha pambuyo pa kadontho akhoza kukuphonyetsani ndi mtunda wa mamita mazana angapo.

Nanga mapu anuanu?

Ngati ulendo uli ndi zigawo zambiri, monga kupita, kuzungulira kwa achibale ku Zomba ndi Mulanje, ndi kubwerera, mndandanda umodzi umapanikizika. Pamenepo gwiritsani ntchito My Maps. Imakonzeka bwino pa kompyuta, pa adiresi iyi:

```
mymaps.google.com
```

Dinani Create a new map, sinthani dzina la Untitled map, ndipo ndi Add layer pangani gawo la tsiku lililonse. Mapu amodzi amalola magawo 10. Ubwino wake ndi wakuti pini iliyonse mumaitcha dzina limene mukufuna ndipo aliyense amaliona, komanso mumaipatsa mtundu wake: zofiira za maboda, zobiriwira za mafuta, zabuluu za kogona. Mukamaliza dinani Share n'kuyatsa Anyone with this link can view. Pa foni, amene watsegula linki adzawapeza pansi pa You, pagawo la Maps.

My Maps ili ndi zofooka ziwiri zimene zimapweteka pa njira ya Tete. Choyamba, mzere wa njira umene mwajambula ndi wongoonera. Foni siitsogolera dalaivala motsata mzerewo, imangomutengera ku pini imodzi imene wadina, podzera njira imene yasankha yokha. Chachiwiri, musadalire kuti mapu a My Maps atseguka popanda intaneti, ngakhale mutatsitsa dera lonse. Chochita ndi kudina timadontho titatu pafupi ndi dzina la mapu, kusankha Export to KML/KMZ, n'kutumiza fayiloyo pa WhatsApp, pamene ngakhale wa bandulo ya WhatsApp yokha akhoza kuilandira. Fayiloyo imatseguka mu Organic Maps kapena OsmAnd, mapulogalamu amene amagwira ntchito popanda netiweki ngati munatsitsiratu mapu a Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi. Dziwani kuti fayilo ikatumizidwa siisinthanso yokha. Mukasuntha pini ya Zobue usiku woti mawa ndi ulendo, tumizani fayilo yatsopano, muilembe tsiku, ndipo muuze madalaivala onse atatu kuti afufute yakale.