Momwe mungawerengere tsiku limene ng'ombe yanu idzabereke

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, kuyambira tsiku limene yakweredwa ndi nkhunzi kapena kupatsidwa umuna ndi mlangizi wa ziweto. Ambiri timangoti "miyezi isanu ndi inayi", koma masiku 283 amapitirira miyezi imeneyi ndi sabata imodzi kapena masiku khumi. Kwa mlimi wa ng'ombe ya mkaka masiku amenewa si ochepa, chifukwa tsiku losiya kukama limadalira tsiku lobereka.

Choyamba ndi kulemba tsiku limene ng'ombe yakweredwa, tsiku lomwelo, m'kope kapena pakalendala. Lembani dzina kapena nambala ya ng'ombeyo, tsiku, ndi mtundu wa nkhunzi. Musadalire kukumbukira. Pakapita miyezi isanu mudzangoti "inali nthawi yokolola chimanga", ndipo nthawi yokolola imatenga masabata ambiri.

Mukalemba musathamangire kuwerengera. Ng'ombe imene sinatenge bere imafunanso nkhunzi pakapita masiku pafupifupi 21, nthawi zina 18, nthawi zina mpaka 24. Choncho m'masiku amenewa muziiyang'anitsitsa m'mawa ndi madzulo. Ikayamba kulira kawirikawiri, kukwera zinzake, kuima phee zinzake zikamaikwera, kapena kutulutsa chikazi choyera chonanda kumaliseche, ndiye kuti ulendo woyamba uja sunagwire. Ikakweredwanso, tsiku lakale lija lisiyeni m'kopemo koma muwerengere kuchokera pa latsopanoli. Apa ndi pamene alimi ambiri amasokonezera: amasunga tsiku loyamba, n'kumadikira thole masabata atatu nthawi isanakwane. Ngakhale ng'ombe isaonetsenso zizindikiro, itanani mlangizi wa ziweto adzaiyeze pakatha miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa ng'ombe zina sizionetsa poyera kuti zikufuna nkhunzi ngakhale zilibe bere.

Tsopano tiwerengere. Tinene kuti ng'ombe yanu inakweredwa pa 15 Juni 2025, ndipo m'masiku a pakati pa 3 ndi 9 Julayi sinafunenso nkhunzi. Juni ali ndi masiku 30, ndiye atsala masiku 15. Onjezani masiku 31 a Julayi ndi 31 a Ogasiti, mwafika pa 77. Sepitembala ali ndi 30, Okutobala 31, Novembala 30, ndipo zonse pamodzi zakwana 168. Disembala ndi Januwale ali ndi masiku 31 uliwonse, mwafika pa 230. Febuluwale wa 2026 ali ndi masiku 28, ndiye 258. Kuti mukwanitse 283 mwatsala ndi masiku 25, amene akugwera mu Malichi. Tsiku loyembekezera thole ndi 25 Malichi 2026. Ikanakhala kuti inakweredwanso pa 6 Julayi, tsikuli likanasunthira ku 15 Epulo.

Pali njira yachidule yowerengera pamtima muli kukhola. Bwererani m'mbuyo miyezi itatu kuchokera pa tsiku lokweredwa, onjezani masiku khumi, ndipo musaiwale kuti nthawi zambiri tsikulo limagwera chaka chotsatira. Pa chitsanzo chathu, 15 Juni kubwerera miyezi itatu ndi 15 Malichi, kuonjeza masiku khumi ndi 25 Malichi. Apa zafanana ndendende, koma sizikhala choncho nthawi zonse, popeza miyezi siyofanana kutalika. Njira yachiduleyi imatha kupitirira ndi masiku awiri kapena atatu, makamaka ngati Febuluwale sali m'kati mwa miyezi ya bereyo. Ng'ombe yokweredwa pa 10 Malichi, mwachitsanzo, mwachidule mupeza 20 Disembala pomwe kuwerenga tsiku ndi tsiku kumapereka 18 Disembala. Amene mumasunga kaundula wa ng'ombe za gulu pa kompyuta mu Excel, ikani tsiku lokweredwa mu A2 ndipo m'bokosi lina lembani:

```
=A2+283
```

Kompyuta imawerengera yokha ngakhale chaka chimene Febuluwale ali ndi masiku 29, monga 2028.

Nambala ya 283 ndi yapakatikati chabe, ndipo mtundu wa ng'ombe umaisuntha. Ng'ombe za mkaka za mtundu wa Friesian ndi Jersey zimabereka msangako, pa masiku pafupifupi 280. Ng'ombe za linunda, monga zathu zachikuda ndi za Brahman, zimachedwerako ndipo zimatha kufika masiku 290 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye ng'ombe yathu ya pa 15 Juni ija, ikakhala Friesian muiyembekezere cha pa 22 Malichi, ikakhala yachikuda ikhoza kufika pa 1 Epulo popanda vuto lililonse. Kwa ng'ombe zosakaniza mitundu, zimene zili m'makola ambiri a alimi a mkaka ku Thyolo, Chiradzulu kapena Mzuzu, 283 ndi nambala yabwino kuyambirapo. Palinso zina zing'onozing'ono: ng'ombe yobereka koyamba imafulumirako tsiku limodzi kapena awiri, thole lalimuna limachedwako pang'ono kuposa lalikazi, ndipo mapasa amabwera msanga ndi masiku angapo. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti pakalendala musazunguze tsiku limodzi lokha. Jambulani mzere kuyambira sabata imodzi tsikulo lisanafike mpaka sabata imodzi litadutsa.

Phindu lalikulu la tsikuli lili pa kuwerengera chobwerera. Ng'ombe yokamidwa imafunika kupuma masiku pafupifupi 60 isanabereke, kuti mawere ake akonzekenso komanso kuti chakudya chipite kwa thole, limene limakula kwambiri m'miyezi iwiri yomalizayi. Kuchokera pa 25 Malichi, masiku 60 m'mbuyo ndi 24 Januwale: tsiku limenelo kukama kuthe. Ndikudziwa kuti n'zowawa kusiya kukama ng'ombe imene ikutulutsabe malita angapo oti mukagulitse kugulu, makamaka mu Januwale pamene ndalama imasowa pakhomo. Koma mukaikama mpaka kumapeto, mkaka wa ulendo wotsatira umachepa, ndipo mumataya wochuluka kuposa umene munapulumutsa. Kuisiyitsa msanga kwambiri chifukwa chowerengera tsiku lolakwika nakonso kumakutayitsani mkaka wa masabata atatu, ndipo ng'ombe yopuma nthawi yaitali ikudya bwino imanenepa mopitirira, zimene zimaivutitsa pobereka.

Kukatsala masabata awiri kapena atatu kuti ibereke, yambani kuionjezera madeya pang'onopang'ono kuti m'mimba muzolowere chakudya chimene idzadye ikamakamidwa, ndipo konzani malo ouma, aukhondo, oyala udzu. Kuyambira pamenepa khulupirirani zimene ng'ombe ikuonetsa kuposa kalendala. Mawere amadzaza ndi kulimba, kumaliseche kumatupa, ndipo kukatsala tsiku limodzi kapena maola ochepa, mitsempha ya m'mbali mwa tsinde la mchira imafewa moti pamaoneka polowa. Ng'ombe imasiya kudya bwino, imagona n'kudzukanso, imadzipatula kwa zinzake.

Zizindikirozi zikabwera kutatsala masabata atatu kuti tsiku lanu lifike, bwererani m'kope. Mwina bere linagwira pa ulendo woyamba, ndipo ng'ombeyo inangoonetsa ngati ikufunanso nkhunzi ili kale ndi bere, zimene zimachitika kwa ng'ombe zina. Ikapitirira masabata awiri tsiku litadutsa, mawere osasintha, itanani mlangizi adzaiyeze. Mwina inataya bere msanga inu osaona n'kukweredwanso kubusa, mwina ilibe bere n'komwe, mwinanso thole linafera m'mimba, ndipo zonsezi sizidziwika pongoiyang'ana.